Dola ili pa K1,750 kubanki koma simungaipeze: mtengo umenewu akuusungiranji?

Hadiweya_Nchalo
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndimagulitsa malata, misomali ndi mapaipi pa Nchalo. Amene ndimaoda kwa iwo ku Limbe akweza mitengo kachiwiri, akuti dola yakwera. Koma ukayang'ana pa bolodi la kubanki dola ili pomwe paja, cha m'ma K1,750, siinasunthe. Ukalowa kufunsa amakuuza kuti lembetsani, mudikire. Ndiye yakwera kapena siinakwere? Ndipo ngati boma lili ndi mphamvu yonena kuti dola ikhale pakuti, bwanji osangolamula kuti ikhale pa K500 tonse tipume?

Kabaza_Marka
Bolodilo ndi chokongoletsera khoma achimwene. Mtengo weniweni uli pansi pa mtengo wa nimu kuno ku boda.

Mwana_wa_Mbona
Funsani a IMF. Ndi iwo amagwetsa kwacha. Bingu anakana, kwacha inakhala pa K168. Atangomwalira mu Epulo 2012, mwezi wotsatira inali pa K250. Pafunikanso umboni wina?

Opuma_Dyeratu
A Hadiweya, funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi nyama. Ndinagwirapo ntchito kubanki mbali ya ndalama zakunja ndisanapume, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Boma likamangirira ndalama yake ku dola, silikulamula. Likulonjeza. Banki yaikulu ikunena kuti aliyense wobwera ndi makwacha akuti, ine ndimpatsa dola imodzi. Lonjezo limenelo limakhala ndi moyo ngati m'nkhokwe mwa banki muli madola oti apereke. Vuto ndi lakuti makwacha banki yaikulu ikhoza kupanga ochuluka momwe ikufunira, koma dola sipanga. Dola imalowa tikagulitsa fodya, tiyi, shuga wa pa Nchalo pomwepo, nandolo, kapena akatipatsa thandizo ndi ngongole. Ndipo dziko lathu limagula kunja katundu wa ndalama zochuluka pafupifupi katatu kuposa zomwe timagulitsa.

Taganizani za ADMARC nthawi ya njala. Alengeza kuti chimanga ndi mtengo wakuti, wotsika kuposa wa mavenda. Ngati nkhokwe zadzaza, mavenda amakakamizika kutsitsa, chifukwa palibe angawagule. Ngati muli matumba owerengeka, mtengo wolengezedwa uja sutsitsa chilichonse. Umangobala mzere, muyezo wa makilogalamu khumi pa munthu, ndi anthu ogula pakhomo kukagulitsa kuseri. Dola ya K500 ingakhale choncho. Ikhoza kulembedwa pa bolodi mawa lomwe, koma tonse tingathamangire kukagula, pofika masana nkhokwe ili mbee.

Ndiye yankho lanu: dola ya pa bolodi siinakwere. Dola imene wogulitsa malata wa ku Limbe akuipezadi yakwera.

Mwana_wa_Mbona
Mwazemba za Bingu bambo.

Opuma_Dyeratu
Sindinazembe mphwanga. Mwanena zoona kuti a IMF amakakamiza, ndipo mu Novembala 2023 ngongole yawo ya madola pafupifupi 175 miliyoni anaivomereza patangopita masiku ochepa kwacha itagwetsedwa. Izo n'zosabisa. Koma kumbukirani momwe zinalili mu 2011 mpaka kumayambiriro kwa 2012. Pa pepala K168, pa msika wakuda kuyandikira K300, magalimoto kugona pa mafilingisiteshoni, anthu kupita kumsewu pa 20 Julaye 2011. Pa 7 Meyi 2012 Reserve Bank inangolemba pa bolodi zimene msika unali utanena kale. Kwacha inali itagwa Bingu ali moyo, chimene chinatsala ndi kuvomereza.

MaiChitowe
Ine za madola sindizidziwa, koma pali chimene ndimaona pa Ngabu. Nyengo ya chitowe ndi nandolo kumabwera ogula ndi masikelo awo, ena sitinawaonepo n'kale lomwe, kulimbirana, kukweza mtengo m'mawa ndi madzulo. Mwana wanga anandiwerengera mtengo wa kunja pa foni, akuti mayi anthuwa akasintha pa mtengo wa kubanki ndiye kuti akuluza. Ndiye munthu angabwere ulendo wonsewo kudzaluza? Ife timangolandira, sitidandaula ayi, koma zimandidabwitsa.

Kabaza_Marka
Saluza mayi. Sakugula chitowe amenewo, akugula dola.

Opuma_Dyeratu
A Kabaza alasa. Tiyerekeze thumba la chitowe kunja limagulidwa madola 50. Pa mtengo wa kubanki ndi K87,500. Ngati pa msika wakuda dola ili pa K4,000, thumba lomwelo ndi K200,000. Munthu atha kukulipirani K130,000, inu n'kusangalala, iye n'kutulutsa katunduyo mosalembetsa kapena kulemba mtengo wochepa pa mapepala, madola n'kuwasiya kunja. Akatulutsa mwa dongosolo, lamulo limafuna kuti madolawo abwere kuno ndipo gawo lina ligulitsidwe pa mtengo wa boma. Ndiye kusiyana kwa mitengo iwiriyi kukamakula, madola olowera pakhomo amachepa, nkhokwe imaphwa msanga, kusiyana kuja n'kukulirakulira.

Usipa_Wouma
Vuto ndi ma K5,000 aja. Chibwerere pepala limene lija mu 2022 zinthu sizinakhalenso bwino. Akanangosiya K2,000.

WakuJoni_Bangula
Pepala lalikulu limabwera chifukwa mitengo yakwera kale, osati mitengo kukwera chifukwa cha pepala. Mukanakonda kunyamula chikwama cha ma K500 pokagula thumba la simenti?

Usipa_Wouma
Chabwino, koma akusindikiza ndalama. Musandiuze kuti ayi.

Mphunzitsi_Makhanga
Apa a Usipa ali ndi mfundo ngakhale aloza malo olakwika. Si kukula kwa pepala koma kuchuluka kwa makwacha onse pamodzi, boma likamakongola kubanki yaikulu kuti lilipire zinthu zomwe misonkho siikukwanira.

Ine funso langa lili kwa a Opuma. Tinkawerenga kuti maiko ena ndalama zawo zinachita kugwetsedwa ndi anthu otchova juga, tsiku limodzi lokha. Chimene sindimvetsa n'chakuti, ngati banki yaikulu ikadali ndi madola ambiri m'nkhokwe, anthuwo amalimba mtima bwanji? Sakanadikira kaye kuti nkhokwe ithe?

Opuma_Dyeratu
Aphunzitsi, wodikira kuti nkhokwe ithe ndi amene amatsala ndi mapepala m'manja. Tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono, manambalawa ndi ongoyerekeza.

Dziko lina lamangirira ndalama yake pa 100 ku dola imodzi. M'nkhokwe muli madola 600 miliyoni. Boma likuwononga zoposa zomwe limatolera, banki yaikulu ikulipatsa ndalama zatsopano mwezi ndi mwezi, anthu akalandira amagula zakunja, ndipo mwezi uliwonse nkhokwe ikuchepa ndi 50 miliyoni. Mwana wa sitandade 5 anena kuti yatsala miyezi 12.

Koma inu muli ndi ndalama zanu kubanki ndipo masamu omwewo mwawachita. Mukudziwa kuti mwezi wa 12 banki idzakweza manja, dola n'kudumpha mwina kufika 140. Mudikira mwezi wa 12? Ayi, mukagula mwezi wa 11 pa 100. Mnzanu naye waganiza zomwezo, ndipo akudziwa kuti mwezi wa 11 padzakhala chipwirikiti, ndiye akuti ine wa 10. Wina wa 9. Tsiku lija limabwerera m'mbuyo choncho.

Silibwerera mpaka lero lomwe ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokera. Lero anthu onse atathamangira kukagula madola 600 miliyoni aja, ndiye kuti abweza kubanki yaikulu ndalama za m'dziko zokwana 60 biliyoni. Ndalama zotsala m'manja mwa anthu zingachepe kwambiri moti dola itasiyidwa yokha mwina ingakhale pa 90. Wogula pa 100 waluza. Ndiye palibe ayamba. Koma boma likupitiriza kuthira ndalama zatsopano, ndipo mtengo wobisika uja, umene dola ingakhalepo nkhokwe itakokoledwa, ukukwera: 90, 94, 98. Tsiku limene wafika pa 100, kugula sikungaluzitsenso munthu, kudikira ndiye kungaluzitse. Tsiku limenelo aliyense amafika pakauntala nthawi imodzi, nkhokwe imene inkaoneka kuti ili ndi miyezi isanu n'kutha m'masiku atatu.

Amene anafotokoza zimenezi bwino ndi Paul Krugman mu 1979. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti anthu othamangirawo sikuti apenga kapena apangana. Aliyense payekha wangowerenga bwino.

Mphunzitsi_Makhanga
Ndiye kuti tsiku lachipwirikiti limaoneka ngati ladzidzidzi, chonsecho linakonzedwa kale ndi bajeti ya boma.

Opuma_Dyeratu
Pa mtundu umenewu, eya. Pali mtundu wina umene bajeti ilibe vuto lalikulu, tifikako.

Mwana_wa_Mbona
Mukuwayeretsa. George Soros, wamalonda a ndalama uja, anagwetsa paundi ya ku Britain yekha mu 1992 n'kupita ndi dola 1 biliyoni. Ameneyo "wangowerenga bwino"? Imeneyo ndi mbava yovala suti.

WakuJoni_Bangula
Yekha? Dziko lonse la Britain kugwetsedwa ndi munthu mmodzi?

Opuma_Dyeratu
Phindu la pafupifupi 1 biliyoni ndi loona, ndipo ndalama zomwe kampani yake inaikapo zinali cha m'ma 10 biliyoni. Koma sanali yekha. Mabanki, makampani ndi osunga ndalama za penshoni onse ankataya paundi nthawi imeneyo. Ngati ndi mbava kapena ayi, ndikusiyirani. Ine ndionetse chabe chifukwa chake juga imeneyi imakoma, ndipo nditenge Thailand chifukwa manambala ake ndi osavuta.

Kwa zaka zoposa khumi ndalama yawo, bati, inkakhala cha pa 25 ku dola. Munthu akuona kuti zogulitsa kunja zaima, makampani akongola madola ambiri n'kumangira nyumba zosowa ogula. Amapita kubanki, n'kukongola mabati 25 miliyoni. Tsiku lomwelo amawasintha pa mtengo wa boma, n'kutenga dola 1 miliyoni, n'kuisunga. Basi, n'kukhala pansi.

Ngati bati siigwa, pakatha miyezi itatu amasintha madola aja kubwerera ku mabati pa 25 pomwepo, n'kubweza ngongole. Chimene waluza ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja cha bati ndi cha dola. Tinene kuti ndi maperesenti 6 pachaka, ndiye pa miyezi itatu ndi madola 15,000. Ngati bati yagwa kufika 40, ngongole ya mabati 25 miliyoni ija ikufuna madola 625,000 okha. Watsala ndi 375,000, kuchotsapo ka chiwongoladzanja kaja. Taonani: kuluza 15,000, kapena kuwina 360,000. Ndipo palibe amene ankaopa kuti bati ikwera mphamvu n'kumupweteka, chifukwa boma lomwelo linali litalonjeza kuti siisuntha. Lonjezo la boma ndi limene limamutchinjiriza wotchova jugayo mbali inayo.

Banki yaikulu ya Thailand inalimbana nawo, makamaka mu Meyi 1997. Pa pepala nkhokwe inkaonekabe yonenepa, koma anali atalonjeza kale mwakachetechete kudzapereka madola opitirira 20 biliyoni m'miyezi ya kutsogolo. Pa 2 Julaye 1997 anaisiya. Pofika Januwale 1998 dola inali cha pa 56. Amene anapsa kwambiri ndi makampani a m'dzikomo amene anakongola madola pokhulupirira 25 ija, chifukwa ngongole zawo zinawirikiza kawiri iwo akulandira mabati omwe aja.

Hadiweya_Nchalo
Apa pokha ndamva, chifukwa zinandionekera. Mu 2023 ndinatenga katundu pa ngongole kwa munthu wina woitanitsa kunja, tinagwirizana m'madola, 10,000. Powerengera pa K1,180 inali K11.8 miliyoni. Katunduyo ndinagulitsa pa mitengo yakale. Pa 9 Novembala tikudzuka dola ili pa K1,700, ngongole yomweyo K17 miliyoni. Phindu la chaka chonse linathera pamenepo. Chiyambire pamenepo sindisunga makwacha, ndikangogulitsa ndimaodanso katundu tsiku lomwelo, ngakhale mashelefu adzaze.

Kabaza_Marka
Ndiye Soros wa pa Nchalo ndi inuyo achimwene.

Hadiweya_Nchalo
Iwe, ine ndikungoteteza mpamba wanga.

Mphunzitsi_Makhanga
Nthabwala ya a Kabaza ili ndi choonadi. Kuno munthu sangakongole makwacha mabiliyoni n'kukawasintha pakauntala, chifukwa banki imangokana. Ndiye chipwirikiti cha tsiku limodzi ngati cha ku Thailand sichingachitike. Koma a Hadiweya akuthawira ku malata, ogula chitowe cha a MaiChitowe akusiya madola kunja, wotumiza ndalama kuchokera ku Joni sadutsanso kubanki. Ndi kuukira komweko, kungoti kwathu kumayenda wapansi.

WakuJoni_Bangula
Osanditchula aphunzitsi. Koma zoona, ndikatumiza R1,000 kwa mayi kudzera kubanki alandira ndalama yosakwana theka la yomwe angalandire kwa anyamata a mabasi. Inu mukanatani?

Mlonda_wa_Gulu
Chonde tisalembe manambala a foni a osintha ndalama pano, ndafufuta awiri kale. Kusintha ndalama kopanda chilolezo ndi mlandu, gulu lisatitsekere.

Kabaza_Marka
Ife kuno timangoona ndi maso. Kale anthu a ku Villa Nova, kutsidya kwa malire ku Mozambique, ankalandira kwacha bwinobwino pa msika. Pano ukatulutsa kwacha amayamba afunsa mnzawo mtengo wa lero, ena amangoti metikali basi. Mafuta akasowa kuno timakatenga uko m'zigubu, ndiye metikali tikuifuna ndife, iwo kwacha alibe nayo ntchito. Wokwera akadandaula kuti Marka kufika pa boma mwakweza, ndimamuuza kuti njinga yanga imamwa metikali.

Usipa_Wouma
Doko la Nsanje likanagwira ntchito bwenzi mafuta akubwera pa madzi motchipa.

Mwana_wa_Mbona
Doko tinatsegulira mu 2010 ndi magule ndi zovala za chipani, sitima mpaka lero. Pano ndi pochapira ndi poimika mabwato.

MaiChitowe
Bola njanji ya ku Marka ifike pa Bangula, tione ngati feteleza angatsike. Komanso kunja kukutentha abale, usiku wathawu tagona pabwalo.

Mlonda_wa_Gulu
Za doko zili ndi ulusi wake. Tibwerere ku kwacha.

WakuJoni_Bangula
Ndibweze ndine. Kuno ndimagwira ntchito ndi anyamata a ku Lesotho. Ndalama yawo, loti, ndi imodzi kwa imodzi ndi randi. Eswatini chimodzimodzi, Namibia chimodzimodzi. Zaka zonsezi sindinamvepo kuti kuli msika wakuda wa randi ku Maseru. Nanga ife katundu wambiri timagula ku South Africa konkuno, bwanji osangomangirira kwacha ku randi nkhani ithe?

Opuma_Dyeratu
Zimatheka, koma onani mtengo umene iwo amalipira. Ndalama iliyonse yomwe atulutsa iyenera kukhala ndi randi kapena ndalama ina yakunja kumbuyo kwake. Randi yeniyeniyo imayenda m'masitolo mwawo. Chiwongoladzanja chawo chimatsata cha ku Pretoria, afune asafune. Ndipo boma silingauze banki yaikulu kuti tapangeni ndalama tilipire makuponi a feteleza. Alinso ndi ndalama za msonkho wa pa malire zomwe amagawana ndi South Africa, zomwe ife tilibe.

Pali zinthu zitatu zimene dziko limalakalaka: mtengo wa ndalama wosasuntha, ufulu wotulutsa ndi kulowetsa ndalama, ndi ufulu woika chiwongoladzanja ndi kuchuluka kwa ndalama momwe likufunira. Zitatu zonse pamodzi sizitheka. Lesotho inataya chachitatu. Ife timafuna choyamba ndi chachitatu, ndiye timatseka chachiwiri, ndi mzere umene a Hadiweya akulembetsawo.

Hong Kong ndiye chitsanzo cha amene anapirira. Ali cha pa 7.8 ku dola kuyambira 1983. Mu Okutobala 1997 anaukiridwa, ndalama yawo inasowa m'mabanki mpaka chiwongoladzanja cha usiku umodzi chinayandikira maperesenti 300. Anagwiritsa, koma mitengo ya nyumba inagwa ndi theka ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito.

Mwana_wa_Mbona
Zimbabwe nayo mu 2016 inati ndalama zake zija za mapepala, ma bondi, ndi imodzi kwa imodzi ndi dola. Tinaona.

WakuJoni_Bangula
Iwo aja kumbuyo kunalibe kanthu, anangolemba. Pofika Febuluwale 2019 boma lomwe linavomera 2.5 ku dola imodzi.

Mphunzitsi_Makhanga
A Opuma munalonjeza mtundu wachiwiri. Komanso ndifunse: ngati wotchova juga amadalira kukongola motchipa, bwanji banki yaikulu osangokweza chiwongoladzanja mpaka juga isiye kukoma?

Opuma_Dyeratu
Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Chiwongoladzanja chimalembedwa pachaka, pamene kugwa kwa ndalama kumachitika usiku umodzi. Tinene anthu akuona kuti pali mwayi wa theka kuti ndalama igwa ndi maperesenti 10 mwezi uno usanathe. Kuti munthu avomere kukhalabe ndi ndalamayo, muyenera kumulipira maperesenti 5 pa mwezi umodziwo, omwe ndi 60 pachaka. Akamaona kuti igwa sabata ino, ndi 5 pa sabata, 260 pachaka. N'chifukwa chake Sweden mu Seputembala 1992 inafika pa maperesenti 500 kwa masiku angapo. Sanapenge, masamu ake ndi amenewo. Komabe mu Novembala anaisiya ndalama yawo.

Tsono Britain. Analowa m'pangano la maiko a ku Ulaya lomangirira ndalama zawo pamodzi mu Okutobala 1990, paundi pa mamaki 2.95 a ku Germany, ndipo siinayenere kutsika kupyola 2.778. Germany ya kum'mawa ndi ya kumadzulo zitakhalanso dziko limodzi, Germany inakweza chiwongoladzanja chake pofuna kuletsa kukwera kwa mitengo kwawo. Britain inayenera kutsatira, chonsecho chuma chake chinali pansi, ntchito zikutha, ndipo anthu ambiri ngongole zawo za nyumba zinkakwera nthawi iliyonse chiwongoladzanja chikakwera. Pa 16 Seputembala 1992 m'mawa boma la John Major linakweza kuchoka pa 10 kufika 12. Masana linalengeza 15. Msika sunakhulupirire kuti boma lingasunge 15 kwa miyezi anthu akulandidwa nyumba, ndiye kugulitsa paundi kunapitirira. Madzulo nduna ya zachuma Norman Lamont inatuluka kukalengeza kuti achoka m'panganolo, 15 ija isanayambe n'kugwira ntchito komwe.

Apa nkhokwe siinkadontha mwezi ndi mwezi chifukwa cha bajeti ngati chitsanzo choyamba chija. Funso linali lakuti boma lipirira ululu wochuluka bwanji. Ndipo pali msampha: anthu akakhulupirira kuti boma ligwiritsa, chiwongoladzanja chimakhala chotsika, ululu ndi wochepa, boma limagwiritsadi. Akakayika, chiwongoladzanja chimakwera, ululu umakula, boma limagonjadi. Dziko lomwelo, manambala omwewo, mathero awiri. Zimenezi anazilemba kwambiri ndi Maurice Obstfeld.

Mwana_wa_Mbona
Ndiye mwavomera. Akanapanda kuukira, paundi ikanakhala. Otchova juga ndi amene anayambitsa.

Opuma_Dyeratu
Mwina ikanakhala nthawi ina. Akatswiri amatsutsanabe. Koma zindikirani kuti saukira aliyense. Ndalama ya Netherlands inali m'pangano lomwelo ndipo siinagwe. Amapita pamene pali bala kale.

Mwana_wa_Mbona
Fisi nayenso amatero, sitimutcha dokotala.

MaiChitowe
Ine ndifunse zanga. Tingadziwe bwanji kuti agwetsanso? Chifukwa ndalama za chitowe ndimasunga mpaka Novembala kuti ndigule mbewu ndi kulipira aganyu.

Opuma_Dyeratu
Tsiku palibe angakuuzeni mayi, ndipo wokuuzani akunama. Nduna iliyonse imakana mpaka usiku womaliza, iyenera kukana, chifukwa itanena kuti tigwetsa Lolemba aliyense athawa Lachisanu. Ndiye kukana kwa boma si chizindikiro cha chilichonse.

Zimene ine ndimayang'ana ndi izi. Kusiyana kwa mtengo wa bolodi ndi wa kunja, ngati kukukula kapena kukuchepa. Nkhokwe ya Reserve Bank, imene amaiyeza ndi miyezi ya katundu wogula kunja: muyezo wovomerezeka ndi miyezi itatu, ndipo ife kawirikawiri takhala pansi pake kwambiri. Mizere ya mafuta, chifukwa mafuta ndi amene amayamba kuonetsa kuti mabanki akulephera kulipira kunja. Komanso nyengo: madola a fodya amalowa kuyambira Epulo mpaka cha mu Seputembala, pamene feteleza amafuna madola kumapeto kwa chaka. Koma musadalire nyengo yokha, chifukwa mu 2012 ndi mu 2022 anagwetsa mu Meyi, msika wa fodya uli mkati.

Kwa inu, ngati mbewu yake simavuta kusunga, kugula msanga kulibe mlandu. Za aganyu ndiye muyenera makwacha basi.

Usipa_Wouma
Mu 2012 anagwetsa ndi 33, mu 2023 ndi 44. Ndiye ya 2023 inali yoopsa kuposa.

Mphunzitsi_Makhanga
Ayi a Usipa, anawerenga mosiyana. Kuchoka pa 168 kufika 250, dola inakwera ndi maperesenti 49, kwacha inataya 33. Kuchoka pa 1,180 kufika 1,700, dola inakwera ndi 44, kwacha inataya pafupifupi 31. Mukawerenga mbali imodzi, ya 2012 ndi imene inali yaikulu pang'ono.

Usipa_Wouma
M'thumba mwangamu ya 2023 ndi imene inawawa.

Hadiweya_Nchalo
Tsono a Opuma, mutakhala inu pa mpando paja, mungaisiye kwacha kapena mungaigwire? Chifukwa ine ndagawanika. Malata ndimagula kale pa mtengo wa kunja, ndiye kugwetsa sikungandisinthire zambiri. Koma mafuta ndi mankhwala a m'chipatala akuti amagulidwa pa mtengo wa bolodi.

Opuma_Dyeratu
Ndingaisiye, koma nditayamba ndatseka pompi ya boma yokongola kubanki yaikulu. Kugwetsa kokha tayesa katatu m'zaka khumi ndi ziwiri. Mu 2023 kusiyana kuja kunachepa kwa kanthawi, kenako kunatseguka kuposa kale, chifukwa makwacha anapitiriza kuchuluka ndipo zogulitsa kunja sizinachuluke. Mtengo watsopano umangokhala chikhomo chatsopano choti anthu ayambirenso kuwerengera miyezi.

WakuJoni_Bangula
Ine ndikuti isiyeni lero. Dola ya bolodi amaipeza ndi anthu ochepa odziwana ndi mabwana, n'kukaigulitsa kuwirikiza. Mayi anga ku Bangula siiwafika.

Mphunzitsi_Makhanga
Inu mumalandira randi achimwene, n'chifukwa chake mukulankhula mopepuka. Ine malipiro anga ndi makwacha ndipo sakwera tsiku limene dola yakwera. Mu Novembala 2023 mafuta anakwera mawa lake lomwe, minibasi ya ku Blantyre inatsatira, malipiro anadikira miyezi. Mtengo wa bolodi ndi wabodza, sindikukana, koma bodza limenelo ndi limene likugwirako mtengo wa petulo. Mukalichotsa osaika china, oyamba kugwa ndife.

WakuJoni_Bangula
Petulo wake uti, woti mumagona pa mzere kapena mumagula m'chigubu kwa a Kabaza?

Kabaza_Marka
Ine sindigulitsa, ndimangothira mwanga. Mlonda lembani zimenezo.

Mphunzitsi_Makhanga
Akapezeka pa pampu ndimagula pa mtengo wa boma, ndipo minibasi zambiri zimatero. Funso langa silinayankhidwe: pakati pa tsiku logwetsa ndi tsiku limene zogulitsa kunja zidzachuluke, amene amalandira makwacha adya chiyani? A Opuma, ku Britain paundi itagwa chiwongoladzanja chinatsika ndipo mafakitale awo anayamba kugulitsa kunja. Ife tigulitsa chiyani chatsopano chaka chamawa chimene sitikugulitsa lero?

MaiChitowe
Chitowe chilipo aphunzitsi, chikungotulukira njira ina. Chikanamadutsa pakhomo mwina bwenzi nkhokwe ija muli kanthu.

Mphunzitsi_Makhanga
Chitowe cha Ngabu yense sichingagule mafuta a dziko lino a sabata imodzi mayi.

Opuma_Dyeratu
Nonse awiri muli ndi mbali. Kuchuluka kwa zomwe zimatuluka mozemba ndi kumene kungatiuze ngati kusiya kwacha kungabweze madola ambiri kapena ochepa, ndipo katundu wozembayo salembedwa m'buku la aliyense. Magetsi athima kuno ku Dyeratu, foni yatsala pang'ono. Za malipiro ndiyankha mawa aphunzitsi, pali zimene zinachitika mu 2012 ndi 2013 zoti tiyang'ane bwino.

Hadiweya_Nchalo
Takhuta akulu. Amene akufuna malata a geji 28 abwere sabata ino, a sabata yamawa sindikudziwa ndiwagula pa zingati.

Mlonda_wa_Gulu
Malonda Loweruka a Hadiweya, lamulo ndi lomwe lija.